Miyezi 9 ndikutresa zithunzi za pa matisheti, nayi nkhani ya wa njinga uja

"Akulu, paja munati mwayamba kutresa nokha mu Inkscape mmalo mogula mafayilo okonzeka kale. Nanga pano zili bwanji, vinilo ikudulika bwino kapena munasiya? Ine kata yanga ikumangonjenjemera mmphepete monse."

Sindinasiye achimwene, ndikutresabe, koma mmene ndikuchitira pano ndi mmene ndinayambira ndi zosiyana kutalitali. Poyamba ndinkangoponya chithunzi mu Inkscape, `Path > Trace Bitmap`, Apply, basi ndatumiza ku kata, makina odulira vinilo aja. Pa sikirini zinkaoneka bho. Zinkavuta pa vinilo, ndipo kunjenjemera mukunenako ndikukudziwa bwino, kata imalira ngati ikusoka mmalo moti idutse myaa, ndiye mukamachotsa vinilo yotsala mmphepete muli timano timano ngati sowo.

Ndikufotokozereni ndi ntchito imodzi yomwe inandiphunzitsa zambiri, chifukwa ndinaibwereza katatu. Munthu wina ananditumizira chithunzi chake ali pa njinga, bakigiraundi yochotsa kale, PNG, akufuna chikhale chithunzithunzi chakuda pa tisheti yoyera, 25 cm mulitali. Fayiloyo inali mapikiselo 800 kutalika kwake. Pangani samu apo, 250 mm kugawa ndi 800, ndiye kuti pikiselo imodzi ikutenga pafupifupi 0.3 mm pa nsalu. Nthawi imeneyo samuyi sindinkapanga olo pang'ono.

Ulendo woyamba ndinatresa chithunzicho mmene chinalili ndi mitundu yake, pa Brightness cutoff, Threshold ili pa 0.45 pomwe imayambira. Mkuluyo anavala malaya oyera. Zotsatira zake anatuluka mutu, manja, kabudula ndi njinga, pamimba palibe, mphepo yokhayokha. Chifukwa chake nchoti njira imeneyi imangoona kuwala, chilichonse chakuda kuposa mlingo womwe mwaika chimakhala chakuda, chowala chimatayidwa, siidziwa kuti uyu ndi munthu uyu ndi bakigiraundi. Ndinakweza Threshold mpaka chakumapeto kuti malaya agwidwe, anagwidwadi pang'ono koma mmphepete munabwera zinyalala zonse zomwe anasiya amene anachotsa bakigiraundi uja, timadontho totuwa tomwe ndi maso simungatione.

Pano ndiye sinditresa chithunzi cha mitundu ayi. Ndimayamba mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndimatsegula PNG, pa Layers ndimakiya Lock alpha channel, kenako `Edit > Fill with FG Color` mtundu uli wakuda. Paliponse pomwe pali munthu ndi njinga pamada bii, poonekera pamakhala poonekerabe, malaya oyera kaya ofiira zilibe ntchito. Ndikatero `Image > Flatten Image` kuti kuseri kukhale koyera. Kenako pali timasitepe titatu tomwe ndimachita motsatana nthawi zonse, ndipo ndi pamenepa pomwe kunjenjemera kunathera. Ndimakulitsa chithunzi katatu ndi `Image > Scale Image`, ndiye 800 ija imakhala 2400. Ndimaika `Filters > Blur > Gaussian Blur` ya mapikiselo 3 kapena 4. Pomaliza `Colors > Threshold` pakati. Anthu amadabwa kuti bwanji ukusokoneza dala chithunzi chomwe ukufuna chikhale chakuthwa, koma bula ija imasungunula timasitepe ta mapikiselo mmphepete, ndiye Threshold ikadula pakati pa utsi umenewo mzere umatuluka wosalala. Mukapanda kutero Inkscape imatsatira timasitepe tija mokhulupirika, kalikonse kamakhala nodi, kadontho pomwe mzere ukukhotera, ndipo bledi imayenera kutembenuka pa nodi iliyonse.

Muziona nambala ya manodi musanadule. Mukasankha chomwe mwatresacho, kamzere kapansi pa windo kamakuuzani kuti chili ndi manodi angati. Wa njinga woyamba uja anali ndi manodi opitirira 2000. Nditadzera ku GIMP anatsika kufika cha mma 400, nditakonza ndi dzanja anatsala osakwana 250. Kata inadula mwachangu komanso mwakachetechete.

Za `Ctrl+L`, ija ya Simplify, ndinkaikonda miyezi yoyamba, pano ndimaigwira mosamala ngati mpeni wa wina. Imachepetsadi manodi koma siisankha, imakhudza mphuno ndi chipewa chimodzimodzi ndi msana. Komanso mukaidina kangapo mofulumira imawonjezera mphamvu. Ulendo wachiwiri ndinaidina katatu, chisoti cha mkulu uja chinasanduka dzira, matayala anakhala ngati agunda mwala. Ndinazindikira nditadinda kale pa tisheti, mwini wake anangoti "uyu si ine". Pano ndimadina kamodzi kokha, zotsalazo ndimalowa ndi `N` nkumachotsa manodi ndekha pamalo ataliatali monga msana ndi ntchafu, nkhope ndi zala ndimazisiya. Matayala sinditresanso konse, ndimafufuta otresawo nkujambula mabwalo awiri enieni ndi chida cha Ellipse nditagwira `Ctrl`, kenako `Path > Stroke to Path` ndi `Path > Union` kuti zigwirane ndi zinazo. Diso la munthu limakhululukira phewa lopindika pang'ono koma tayala losazungulira limaliona ali patali.

Tsopano masipoko, apa mpamene ndinataya vinilo yambiri. Pa chithunzi anali mapikiselo awiri mulifupi, ndiye kuti cha mma 0.6 mm pa tisheti. Kata inawadula ndithu, makinawo savutika ndi zimenezo. Vuto linali potong'ola, ndikakoka vinilo ya pakati pa masipoko, sipoko nayo imanyamuka nkupita nayo limodzi, ina inaduka pakati. Omwe anapulumuka ndinadinda, koma tisheti yoyesera yomwe ndinasunga ine, itachapidwa maulendo angapo masipoko anayamba kutukuka kumapeto, kenako kumakoka ngati ulusi. Kamzere kopyapyala kali ndi guluu wochepa kwambiri wogwira nsalu, nsalu ikatambasuka kamasiya. Thupi la munthuyo ndi felemu ya njinga mpaka lero zili nganganga, palibe pomwe patukuka.

Lamulo langa pano, ndipo ndi langa chabe lochokera pa zomwe ndachapa, chilichonse chosakwana 1 mm sichipita pa tisheti, ndimakonda 1.5 mm ngati malo alipo. Timabowo ting'onoting'ono timodzimodzi, kabowo kosakwana 2 mm ndimangotseka chifukwa kutong'ola kwake nkwa misozi. Kuyesa kwake nkosavuta, ndimayamba ndaika chithunzi pa saizi yake yeniyeni mu mm, ndimajambula kabwalo kofiira ka 1.5 mm nkumakayendetsa pamalo onse okayikitsa. Pomwe kabwaloko kakuposa mzere, pamenepo pafunika kunenepetsa kapena kuchotsa. Wa njinga ulendo wachitatu anapita ndi masipoko 8 okha pa tayala, onenepa, ojambula ndi dzanja, ndipo palibe amene anawerenga kuti akuchepa. Nsonga zakuthwa ngati za tsitsi nazo ndimazibunthitsa pang'ono, chifukwa kutukuka kumayambira pa nsonga.

China chomwe chinandichedwetsa kuzindikira, sikirini imakuonetsani mtundu koma kata imaona mizere basi. Musanatumize lowani `View > Display Mode > Outline`. Mmenemo zonse zobisika zimaonekera, timadontho tomwe tatsala kunja, zidutswa ziwiri zakuda zosanjikizana zomwe pa sikirini zimaoneka chimodzi koma kata idula zonse ziwiri nkucheka pakati pa munthu, ngakhalenso chithunzi choyamba chija chomwe chimatsalira pansi pa chotresacho mukaiwala kuchifufuta. Ndinaonanso kuti ukatresa chojambula cha mzere wokha, monga autilaini ya pensulo, umapeza mizere iwiri, kunja ndi mkati mwa mzerewo, ndiye bledi imadutsa kawiri moyandikana nkutulutsa kachingwe. Ngati mukufuna chithunzithunzi, dzazani mkatimo ndi chakuda musanatrese.

Za mira sindinena zambiri, aliyense anapsapo. Vinilo ya hiti imadulidwa chakumbuyo, mbali yonyezimira ija pansi, ndiye chithunzi chitembenuzidwe, mu Inkscape ndi `H`. Ine ndinapsa mwa mtundu wina, ndinatembenuza mu Inkscape kenako pulogalamu ya kata nayo inali ndi mira yoyatsa kale, zinabwerera pomwe zinali. Pa wa njinga sizinavute kwenikweni, anangoyang'ana mbali ina, koma pansi pake panali dzina. Pano ndimatembenuzira malo amodzi okha, ku pulogalamu ya kata, fayilo imasungidwa yowongoka. Vinilo yomata pa galasi kapena pa bolodi kuchokera kutsogolo siifuna mira.

Saizi nayo muziiona kawiri. Inkscape ya masiku ano imawerenga mapikiselo 96 pa inchi, mapulogalamu ena amawerenga 72, ndiye SVG ya 25 cm ikhoza kutseguka kwina ili 33 cm ndi kadontho. Ine ndimaika kabokosi kozungulira chithunzi chonse ka saizi yodziwika, kamene kamathandizanso potong'ola, ndikatsegula uko ndimaona ngati nambala yake ili yomweyo.

Komabe si kunjenjemera konse komwe kumachokera ku fayilo, izi ndinene chifukwa ndinakhala sabata ndikuchotsa manodi pomwe vuto linali bledi. Dulani kabokosi ka 1 cm ndi kabwalo kojambula, osati kotresa. Ngati makona atuluka obulungira ofuseti ya bledi mu pulogalamu ya kata yachepa, ngati ali ndi timichira totulukira kunja yachuluka, pa bledi wamba ya madigiri 45 nthawi zambiri imakhala cha pa 0.25 mm. Ngati kabwalo sikakutsekeka pomwe kanayambira onani overcut mu pulogalamu ya kata, ija yoti bledi ipitirire pang'ono pomwe inayambira. Koma bokosi ndi bwalo zikatuluka bwino pomwe chotresa chanu chikunjenjemera, ndi fayilo imeneyo, bwererani ku GIMP.

Ndiye ndingailimbikitse njirayi? Pa zithunzi zomwe bakigiraundi inachotsedwa mwaukhondo, eya, ntchito ya mphindi 15 kapena 20 ndatha. Pa zomwe zabwera zazing'ono zofinyidwa ndi mafoni, kapena munthu wa tsitsi lotayirira, kapena galu waubweya, sindilimbananso ndi Trace Bitmap. Ndimatsitsa opacity ya chithunzi, ndimachikiya, ndimatenga cholembera cha `B` nkuzungulira ndekha, nodi pa kona iliyonse ndi imodzi pakati pa kupindika kwakukulu. Miyezi yoyamba ndinkaiopa, manja anali olimba, chithunzi chimodzi chinkanditengera ola lathunthu. Pano theka la ola, ndipo nthawi yomwe ndataya pamenepo imabwerera potong'ola chifukwa vinilo yotsala imachoka kamodzi ngati sokosi.

Chomwe sindinachipezere njira mpaka pano ndi nkhope yoyang'ana kutsogolo. Chithunzithunzi chimagwira munthu akaima chammbali, mphuno ndi chibwano zikuoneka, manja atatalikana ndi thupi. Akayang'ana kamera manja ali pachifuwa, olo mutrese mwaluso bwanji, chimatuluka ndi chithumba chakuda chokhala ndi makutu. Amene abwera ndi chotero ndimangowauza ajambulitsenso ataima chammbali pa khoma loyera.