Kuyerekeza zizindikiro zinayi za perefyumu yeniyeni ndi yabodza pazithunzi

Ambiri mwa ife mu Lusaka timayamba kuona perefyumu pa WhatsApp kapena pa Facebook tisanakumane ndi wogulitsa ku Kamwala kapena pafupi ndi Manda Hill, ndipo nthawi zina ndalama imatumizidwa botolo lisanafike m'manja. Zizindikiro zimene anthu amadalira ndi pulasitiki yokutira katoni, galasi, nambala ya batchi ndi kopopera, koma pachithunzi mphamvu zake sizifanana.

Pulasitiki yokutira ndiyo yofooka kuposa zonse. Yakufakitale imagwira katoni mothina, m'makona imapindidwa mofanana, ndipo mzere womatira umakhala wowongoka, wopanda zomatira zotayikira. Ikakhala yokhwepa kapena yamakwinya, pali chifukwa chokayikira. Komabe kukuta bwino sikutsimikizira kanthu, chifukwa makina okutira ndi osavuta kupeza, pamene mabotolo enieni oyesera m'sitolo nthawi zambiri amabwera opanda pulasitiki.

Galasi limaposa pulasitiki pang'ono, ngati chithunzi chajambulidwa botolo litaima kutsogolo kwa kuwala. Ambiri amafunsa ngati galasilo ndi lochindikala, koma funso labwino ndi lakuti kuchindikalako n'kofanana mbali zonse kapena ayi. Pabotolo labodza, pansi pamkati pamapendekeka, mbali ina kukwera ina kutsika, mumaoneka tithovu tampweya, ndipo mzere umene chikombole chinakumana umatukuka. Vuto n'lakuti kamera ya foni ikayandikira kwambiri imapotoza maonekedwe, komanso kulemera kwa botolo sikuoneka pachithunzi.

Nambala ya batchi ndi imene anthu amaikhulupirira mopitirira muyeso. Ndi manambala kapena zilembo zochepa zosonyeza gulu limene botololo linapangidwira, ndipo ndi yosiyana ndi bakhodi, imene imakhala imodzimodzi pa mabotolo onse a mtundu ndi kukula kumeneko. Imadindidwa pansi pa katoni, kenako imalembedwanso pabotolo, kawirikawiri pansi pake. Ziwirizi zikasiyana, kapena botolo likakhala lopanda nambala, ine ndimasiyira pomwepo. Zikafanana, nkhani sinathe, chifukwa opanga gong'a amakopera nambala yeniyeni imodzi n'kuidinda pa mabotolo ambirimbiri, ndipo mawebusayiti owerengera nambalazi amangonena nthawi imene gululo linapangidwa, osati ngati botolo lanu ndi lenileni. Onetsetsaninso madindidwe: pakatoni yeniyeni nambalayi imaikidwa padera katoni itasindikizidwa kale, choncho imaoneka yolowa m'pepala kapena ya inki yosiyana, pamene pa yabodza nthawi zambiri imakhala yosalala, yosindikizidwa limodzi ndi mawu ena onse.

Kopopera ndi kamene ndimakaika patsogolo, chifukwa ndi kokha kamene kamagwira chinyengo chimene zizindikiro zina zitatu zimachiphonya. Tiyerekeze kuti wogulitsa wakutumizirani zithunzi za botolo la 100 ml: pulasitiki ndi yothina, galasi ndi loyera, nambala yapakatoni ikufanana ndi yapabotolo. Zonsezi zikhoza kukhala zoona ngati munthu anatola botolo lenileni lotha pamodzi ndi katoni yake, n'kuthiramo mafuta otchipa osakaniza ndi sipiriti, n'kukutanso. Apa pemphani chithunzi chapafupi cha khosi la botolo, chivindikiro chitachotsedwa. Mabotolo ambiri amatsekedwa ndi kachitsulo kopanidwa ndi makina kuzungulira khosi, ndipo amene wakakanula kuti athiremo zina amasiya mikwingwirima, kupindika, kapena kopopera kopendekeka. Yang'ananinso kachubu kamkati. M'mabotolo enieni ambiri kamakhala kowonda, kovuta kukaona m'madzimo, ndipo kamangofika pansi n'kupindika pang'ono. Kachubu konenepa, kotuwa, kotalika mpaka kugona pansi pa botolo, kamasonyeza kopopera kamene sikanapangidwire botolo limenelo.

Chizindikirochi chilinso ndi malire ake. Makampani ena, monga Mugler ndi Dior, amagulitsa mabotolo ena opangidwa kuti azidzazidwanso, ndipo kopopera kotseguka pamabotolo otere si umboni wa chinyengo, koma kumatanthauzanso kuti wothira zina sasiya chipsera chilichonse. Pamenepa chithunzi chimalephera, ndipo kavidiyo kamathandiza: botolo latsopano nthawi zambiri limafuna kudinidwa kangapo lisanayambe kutulutsa, pamene limene lagwiritsidwapo ntchito limapopera nthawi yoyamba yomweyo, ndipo kopopera kabwino kamatulutsa nkhungu yosalala, osati madontho otsikira pakhosi.

Wogulitsa akakana kung'amba pulasitiki musanalipire, ali ndi chifukwa chomveka, popeza katoni yotsegulidwa imatsika mtengo. Zikatero mwatsala ndi pulasitiki ndi nambala yapakatoni zokha, zomwe n'zosavuta kukopera, choncho gwirizanani kuti mukatsegulire limodzi pokumana, ndalama isanaperekedwe.