Google Drive inatithandiza pa ntchito ya pagulu, koma samalani pogawa mphamvu

Amene mwapatsidwa ntchito ya pagulu kusukulu, tsegulani foda imodzi pa Google Drive tsiku loyamba lomwelo. Ife tinali anthu asanu, tinkafufuza za kasamalidwe ka zinyalala mumsika wa ku Area 25, ndipo tinkakhala motalikirana, wina ku Kawale, wina ku Likuni. Kukumana pafupipafupi kukanatithera ndalama pa minibasi.

Chimene ndinachikonda kwambiri n'chakuti udindo wa munthu umagwirizana ndi mphamvu imene mwamupatsa. Mukadina Share mumasankha pakati pa Viewer, Commenter ndi Editor. Woyambayo amangowerenga, wachiwiri amaikapo ndemanga, wachitatu amalemba ndi kufufuta. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mphamvu imene mwapereka pa foda yaikulu imafikanso pa chilichonse chili m'katimo. Mukapatsa gulu lonse Editor pamwambapo, aliyense akhoza kusintha lipoti lonse. N'chifukwa chake pa foda yaikulu tinapatsa onse Commenter, kenako tinakweza munthu aliyense pa gawo lake lokha. Awiri amene ankafunsa mafunso ogulitsa mumsika anali Editor mu foda ya zithunzi ndi mayankho. Lipoti lenilenilo ankaligwira ndi mlembi komanso mnzathu wokonza zolakwika. Ine monga mtsogoleri ndinkasunga tebulo la mayina, ntchito ndi masiku omalizira.

Pa nkhani ya masiku omalizirawa musadalire Drive yokha. Mukhoza kulemba ndemanga, kuika @ ndi imelo ya mnzanu, n'kuchonga Assign to, ndipo iye amalandira uthenga pa imelo. Koma tebulo lija silikumbutsa munthu kuti tsiku layandikira, komanso anzathu ambiri satsegula imelo kawirikawiri. Zokumbutsana tinkachitira pa WhatsApp, koma tinagwirizana kuti fayilo isatumizidwe kumeneko, tizingotumiza linki. Mukatero simukhala ndi malipoti anayi osiyana, aliyense akuti lakelo ndiye lomaliza. Tsiku lathu lomalizira tinaliika patatsala masiku atatu kuti tikapereke kwa aphunzitsi.

Version history inathetsa mkangano umene ukanatigawanitsa. Ndime ina itasowa, tinatsegula File kenako Version history pa kompyuta, n'kuona zosintha zonse ndi dzina la wosinthayo komanso nthawi yake. Ndimeyo tinaikopera n'kuibwezera pamalo pake. Pomwepo zimaonekanso kuti ndani wagwira ntchito ndipo ndani wangokhala.

Malo aulere ndi 15 GB, ndipo anatikwanira ngakhale zithunzi zinali zambiri. Onetsetsani kuti aliyense ali ndi akaunti ya Google musanayambe. Bando ikatha kapena netiweki ikavuta, fayilo imatseguka pafoni pokhapokha ngati munadiniratu Make available offline intaneti ikadalipo, ndipo zimene mwalembazo anzanu amaziona mukalumikizanso.