Ndemanga ya mbewu ya chimanga ya Kanyani, SC 403, pamunda wamchenga ku Balaka

Kwa amene muli ndi munda wamchenga kumalo otentha kumene mvula imadula msanga, mbewu iyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndaibzala nyengo zingapo tsopano, kuphatikizapo ya 2023/24 ija, ndipo siinandisiyepo manja lende. Koma si mbewu ya munda uliwonse, ndipo amene akufuna kudzaza nkhokwe mpaka pakamwa pa dothi lachonde angakhumudwe nayo.

Mbewu za Seed Co zili ndi maina a nyama motsata msanga wa kucha kwake. Kalulu ndiye wofulumira kwambiri, kenako Kanyani, Mbidzi, Mkango, ndipo Njovu ndiye wochedwa. Nambala yoyamba imakuuzani zomwezo: 403 ili m'gulu la 400 la Kanyani, 627 ndi Mkango, 719 ndi Njovu. Nambala ikamakwera, chimanga chimakhala nthawi yaitali m'munda, chimatha kubereka zambiri, koma chimafunanso mvula yotalika ndi chakudya chokwanira m'nthaka. Vuto n'lakuti anthu ambiri pasitolo amafunsa funso limodzi lokha, lakuti ndi iti imene imabereka kwambiri. Wogulitsa akaloza Njovu sananame ayi, koma munda wanu sanauone.

Munda wanga ndi ekala imodzi yotsetsereka pang'ono. Kumtunda ndi mchenga woti mvula ikagwa lero, mkuja fumbi layamba kale. Kumunsi kuli makande akuda amene amasunga chinyontho nthawi yaitali. Kanyani ndimabzala kumtundako, theka la ekala, ndipo paketi ya makilogalamu 5 imakwana. Mizere ndimatalikitsa masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, monga amatiuzira alangizi. Kameredwe kake n'kabwino, kupakiza kumangokhala kwa apo ndi apo.

Chimene ndimaikondera mbewuyi chinaoneka bwino chaka cha El Nino. Tinabzala kumayambiriro kwa Disembala 2023 mvula itakhazikika. Kuno kotentha Kanyani amamasula ngayaye patatha masabata pafupifupi asanu ndi atatu, choncho pofika kumapeto kwa Januwale ndevu zinali zitatuluka ndipo mungu unali utagwa kale. Ng'amba ya mu Febuluwale 2024 inapeza zisononkho zitagwira njere. Masamba anapota, am'munsi anauma, njere zinakhala zazing'ono ndipo kunsonga kwa zisononkho kunali kopanda kanthu, komabe ndinakolola matumba asanu ndi limodzi a makilogalamu 50 pamalo pamene chaka chabwino ndimapeza khumi ndi awiri. Alamu anga a munda woyandikana, mchenga womwewo, anabzala mbewu yochedwa kucha tsiku limodzi ndi ine. Chimanga chawo chinali chachitali, chobiriwira, chosiririka kuposa changa mu Januwale. Koma chinadzamasula pakati pa Febuluwale, dzuwa lili phwee. Ngayaye zinatuluka, ndevu zinachedwa, ndipo pamene zimatuluka mungu unali utatha. Anakolola mapesi. Pa 23 Malichi chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, ndipo minda yambiri kuno inkaoneka ngati ya alamuwo.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna anzanga amvetse. Chimanga chimapirira ludzu chikadali chaching'ono, chimafota masana n'kutsitsimuka usiku. Nthawi imene sichipirira ndi masabata awiri asanafike masiku omasula ndi masabata awiri otsatira. Ndiye posankha mbewu musangowerenga kuti mvula kwanu imagwa miyezi ingati. Dzifunseninso kuti ng'amba imakonda kubwera liti, ndipo muwerenge kuchokera tsiku lobzala kuti muone ngati chimanga chanu chidzakhale chikumasula nthawi imeneyo. Pamchenga ng'amba ya masiku khumi imapweteka kale, pamene pamakande chimanga chimatha kudutsa osadandaula kwenikweni. Dziwaninso kuti masiku olembedwa papaketi amasintha ndi malo. Mbewu yomweyi mukaibzala kozizira ngati ku Dedza imachedwerako kusiyana ndi ku Balaka kapena ku Salima.

Kwa amayi a kunyumba kuno, ubwino wake wina ndi pamtondo. Njere zake n'zolimbirako, sizinyenyeka kwambiri pokonola, ndiye mphale imatuluka yambiri, gaga wochepa. Sizifika pa chimanga chamakolo, koma zili pafupi. Ndipo mondokwa timayamba kudya anzathu akudikirabe, zomwe m'mwezi wa njala si nkhani yaing'ono. Matenda aja a mikwingwirima yachikasu pamasamba sindinawaonepo kwenikweni pa mbewuyi.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Chaka cha mvula yabwino Kanyani amagonja. Kumunsi kwa munda, pamakande, ndimabzala Mkango, ndipo mvula ikafika mpaka kumapeto kwa Malichi amamuposa Kanyani ndi matumba angapo pa theka la ekala lomwelo, feteleza wofanana. Zisononkho za Kanyani n'zapakatikati, musayembekezere zija zazitali ngati mkono. Chachiwiri, kucha msanga kuli ndi mtengo wake. Mvula ikapitirira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, chimanga chimakhala chitakhwima kale ndipo chimanyowera m'munda. Muyenera kukhala okonzeka kuchidula n'kuchiika pamalo ouma, apo ayi chiyamba chuku. Komanso munda woyamba kucha m'mudzi ndi umene mbalame, agalu ndi anthu a manja aatali amayambira.

Mbewu yofulumira siidikira feteleza. Wokulitsa, wa NPK, ayenera kulowa pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo yureya pakatha masabata atatu. Mukachedwa ndi masabata awiri podikira makuponi, mbewu yochedwa ikhoza kukukhululukirani, koma iyi imakhala yayamba kale kukonzekera kubereka ili yanjala. Pamchenga feteleza amatsukika ndi mvula yamphamvu, ndiye ine yureya ndimamugawa pawiri, theka pa masabata atatu, theka lina chimanga chikafika m'mawondo kupitirira. Ndimatsekanso mizere ndi timizere topingasa kuti madzi asathawe, ndi kuthira manyowa m'mizere chilimwe. Kaufiti ndi mbozi zija zolowa m'mutu mwa chimanga, zimenezo mbewuyi siiteteza, ndi ntchito yanu ndithu. Anankafumbwe nawonso amadya, choncho mankhwala kapena matumba osalowa mpweya aja akufunikabe.

Za kogula. Mbewu zachinyengo zilipo zambiri, makamaka mvula ikayandikira. Msuweni wanga anagula pamsika kwa munthu woyala pansi, paketi yooneka ngati yeniyeni, mtengo wotsikirako. Chinamera chosiyana misinkhu, china chachitali china chachifupi, kumasulanso nthawi zosiyana, chizindikiro chakuti chinali chimanga wamba chopakidwa utoto. Haibulidi weniweni amakula mofanana ngati ana asukulu pamzere. Gulani kusitolo yodziwika yokhala ndi chiphaso, tengani lisiti, onani kuti paketi sinatsegulidwepo ndiponso kuti ili ndi chizindikiro chosonyeza nambala ya gulu la mbewuyo ndi tsiku limene inayesedwa. Paketi yokhala padzuwa pakhonde la sitolo isiyeni. Mukafika kunyumba, tengani njere 20, zikulungeni m'kansalu konyowa, muone pakatha sabata. Zikamera 18 kapena kuposa, bzalani ndi mtima umodzi. Zikachepera 16, bwererani ndi lisiti lanu mvula isanagwe.

Zokolola zake musasungeko mbewu. Ndi haibulidi, chaka chachiwiri imabwerera m'mbuyo. Amene ndalama yogula chaka ndi chaka ikuwavuta afunse alangizi za ZM 309 kapena ZM 523, zimene zimapirira chilala ndipo mutha kubzalanso kwa nyengo ziwiri kapena zitatu, ngakhale zokolola zake zimatsikirako poyerekeza ndi Kanyani.