Median kapena kufufuta pamanja?

Ukufuna chithunzi cha Taj Mahal, nyumba yotchuka ya ku India, chopanda anthu, njira zilipo ziwiri.

Ya Median: kamera pa tiraipodi, jambula zithunzi 15, kusiyanitsa masekondi 10, mu Photoshop File > Scripts > Statistics, sankha Median. Pa dontho lililonse la chithunzi imatenga mtundu wapakati mwa zithunzi zonse 15, ndiye munthu wongodutsa amasowa yekha. Koma amene wangokhala pabenchi m'zithunzi 8 mwa 15 zija sachoka ayi, amatsalira, mwinanso ngati chimzukwa. Mitambo nayonso imapakika.

Kufufuta pamanja ndi Clone Stamp, chida cha mu Photoshop chokopera gawo lina la chithunzi n'kumata pomwe pali munthu: chithunzi chimodzi basi, tiraipodi osafunika, koma zakuseri kwa munthuyo ukuchita kupeka, mizere ya miyala imapindika.

Anthu ambiri oyendayenda, Median. Awiri atatu ongoima, fufuta pamanja.