Anatiikira matesiti odziyendera okha pa sisitimu yathu, nyenyezi 4 mwa 5

Ndikulemba za mayi wina wa mu mzinda wa Tete amene amagwira ntchito yoyesa mapulogalamu. Ife tili ndi kasisitimu kogulitsira katundu komwe maloja a simenti ndi malata kuno ku Ulongwe amagwiritsa ntchito, ena ali ku Moatize. Timatulutsa apudeti sabata iliyonse, ndipo nthawi zonse mnyamata wathu ankakhala pansi maola 3 kudina chilichonse pamanja, kulowa, kugulitsa, kuchotsera mtengo, kutulutsa fatula, kuti aone ngati sitinaphwanye kanthu.

Ine maganizo anga anali oti kompyuta izichita zonse basi. Mayiwa anakana, ndipo nyenyezi zambiri ndawapatsa chifukwa cha kukanako. Anati tiyambe tawerenga. Kulemba matesiti a zinthu zobwerezabwereza kuwatengera maola pafupifupi 40. Akayamba kuyenda maola 3 aja atha, koma sabata iliyonse pazipita ola limodzi lokonza matesiti amene asokonekera chifukwa tasintha sikirini, ndiye phindu lenileni ndi maola 2 pa sabata osati 3. Mukagawa 40 ndi 2 mupeza masabata 20 kuti ntchitoyo ibweze yokha, miyezi isanu imeneyo. Anawonjeza kuti tikanakhala otulutsa apudeti kamodzi pamwezi zikanatenga chaka ndi miyezi ingapo, ndipo akanatiuza kuti tingopitiriza pamanja. Anatero ngakhale ntchito imeneyi ndi imene amadyerapo.

Anayambira pa masamu a ndalama, osakhudza sikirini nkomwe. Chifukwa chake nchoti malamulo a mtengo sasinthasintha, tesiti yake imatha m'masekondi, ndipo ikalakwika ndi kasitomala amene amalira. Pomwepo panapezeka bagi, kutanthauza cholakwika cha mu pulogalamu, yomwe maso athu ankaidutsa. Katundu wa mametikali 10,000 mukachotsera 5 peresenti amatsala 9,500, ndiye msonkho wa IVA wa 16 peresenti uyenera kukhala 1,520, zonse pamodzi 11,020. Sisitimu yathu totala inkatulutsa 11,020 bwinobwino koma pamzere wa IVA inkalemba 1,600 chifukwa inkawerengera pa mtengo usanachotseredwe. Woyesa pamanja amathamangira totala, akaona yakwana wadutsa, makamaka ali pa ola lachitatu atatopa. Anasunthanso 16 uja kuti azikhala malo amodzi okha mu kodi, poti paja boma linatsitsa IVA kuchoka pa 17 kufika 16 mu 2023 ndipo tsiku lina akhoza kusinthanso.

Atatha zimenezo ndi pamene anagwira za mu bulawuza ndi Playwright, pulogalamu yaulere ya Microsoft yomwe imadina yokha mu bulawuza poyesa, ndipo anangotenga njira zomwe wogulitsa amadutsamo tsiku ndi tsiku, kulowa, kugulitsa, kubweza katundu. Pano tisanatulutse apudeti timangolemba

```
npx playwright test
```

nkudikira mphindi zochepa.

Zina anazisiya dala pamanja ndipo ndikugwirizana nawo. Lisiti yotuluka pa kapulinta kaja mpaka munthu aigwire aone ngati zilembo sizinaduke m'mbali. Kulipira kwa M-Pesa kapena e-Mola, mbali yathu anaiyesa ndi mayankho ongopanga, walipira, wakana, nthawi yatha, koma kuyesa kwenikweni kumafunabe foni m'manja ndi munthu woika PIN. Sikirini ya malipoti sanaikhudze chifukwa tinali tikuisinthabe, anati kuilembera tesiti pano kuli ngati kupaka penti khoma lomwe mawa mugwetsa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi. Matesiti oyambirira a bulawuza ankapeza mabatani potengera mawu olembedwapo, ndiye titasintha batani la `Pagar` kukhala `Finalizar` angapo anagwa pomwe sisitimu inali bwinobwino. Ena anali ndi kudikira kokhazikika kwa masekondi awiri, netiweki ikachedwa akugwa, mukayendetsanso osasintha kanthu akudutsa, ndipo nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro choti vuto lili mu tesiti osati mu pulogalamu. Zinandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa anyamata anayamba kuzolowera zofiira zosonyeza kuti tesiti yagwa nkumangoti yendetsanso, ndipo akazolowera choncho tsiku la bagi yeniyeni sadzaiona. Nditawadandaulira anabwera, anaika `data-testid`, dzina la mu kodi lomwe silisintha mawu a batani akasintha, pa mabatani ofunika nachotsa kudikira kuja kuti Playwright izidikira yokha mpaka batani lioneke. Mwezi umenewo kukonza kunadya maola oposa limodzi lomwe tinawerengera, ndiye masabata 20 aja anatalikirako, ndikanakonda akanandichenjeza poyamba.

Mnyamata uja sitinamuchotse ntchito. Maola ake pano amapita pa zatsopano, kuyesa zachilendo monga kugulitsa theka la thumba kapena kuzimitsa data pakati pa malonda. Amene mukufuna kuwaitana mayiwa, yambani mwalemba maola omwe mumataya poyesa pamanja ndi kangati mumatulutsa apudeti, chifukwa funso lawo loyamba likhala limenelo.