Chiwongoladzanja cha banki, phindu la eni, kapena WACC: tiyezere chiti?

Tiyerekeze kuti kampani ya ku Chipata ikufuna kuika K1,000,000 pogula nshawa ku Katete, kuzisunga, n'kudzagulitsa chaka chikatha. Msonkho ukachotsedwa, koma ngongole isanalipidwe, ikuyembekeza K1,260,000. Mpamba wake uli pawiri: K400,000 ndi ngongole ya ku banki pa 25 peresenti, K600,000 ndi ya eni ake.

Ndalama ya chaka chamawa siilingana ndi ya lero, choncho timaichepetsa. Mkangano uli pa mlingo wochepetsera.

Ambiri amathamangira chiwongoladzanja cha banki chifukwa n'cholembedwa papepala. Gawani K1,260,000 ndi 1.25, mupeza K1,008,000, ndipo ntchitoyo ioneka yabwino. Njira imeneyi ine ndimaikana. Imaiwala kuti eni ake amalandira pomaliza banki itatenga zake, ndipo nshawa zikachita chuku kapena mtengo ukagwa, amene amaluza ndi iwo. Munthu wotere sangavomere phindu lofanana ndi la banki. Tinene kuti akufuna 35 peresenti.

Ena amayezera 35 yemweyo pa ndalama yonse. Apa vuto n'kuumitsa zinthu, pakuti K400,000 ija sidya 35 peresenti. Ntchito yobweza K1,300,000 akanaikana, pomwe ikanakwanira aliyense.

WACC, kutanthauza mtengo wapakati wa mpamba wonse wa kampani, imatenga mitengo iwiriyo, uliwonse molingana ndi gawo lake:

```
WACC = E/V × Re + D/V × Rd × (1 − T)
```

E ndi ndalama ya eni, D ndi ngongole, V ndi zonse pamodzi, Re ndi phindu limene eni akufuna, Rd ndi chiwongoladzanja cha banki, T ndi msonkho. Chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, ndiye pa msonkho wa makampani wa 30 peresenti, ngongole ya 25 imatsikira pa 17.5. Tsono 0.6 × 35 ndi 21, 0.4 × 17.5 ndi 7, pamodzi 28 peresenti.

Chifukwa chake 28 ndiye mlingo woyenera chimaoneka mukawerenga makwacha. Ngongole ikudya K70,000 msonkho utapepukako, eni akuyembekeza K210,000, zonse K280,000. Nshawa zija zabweretsa K260,000 yokha. Banki ilandira zake zonse, koma eni aperewera K20,000, ndipo n'chifukwa chake K1,260,000 yogawidwa ndi 1.28 imangokwana K984,375, yochepera pa zimene munaika. Chenjerani kuti musachotsenso chiwongoladzanja pa K1,260,000 ija, chifukwa chalowa kale mu 28.

WACC nayo ili ndi malire. Bizinesi yaing'ono imene imalipira ku bungwe la misonkho la ZRA msonkho wowerengedwa pa malonda onse sipepukidwa ndi chiwongoladzanja, choncho ngongole yake ikhala 25 yathunthu ndipo WACC ifika 31. Komanso 28 uja ndi wa ntchito zoopsa mofanana ndi zimene kampaniyo imachita kale. Ikaganiza zotumiza katundu ku Malawi kudzera pa Mwami, pomwe mtengo wa ndalama ziwiri umasinthasintha, eni adzafuna zoposa 35, ndipo mlingo uyenera kuwerengedwanso.