Mahashitagi 30 kapena 4: zabwino n'ziti kwa telala wa pa Instagram?

Tinene kuti ndinu telala ku Lilongwe, mwasoka diresi la chitenje la pa chinkhoswe ndipo mukufuna kuliika pa Instagram. Ena ankadzaza mahashitagi ambirimbiri pansi pa chithunzi, poti kwa zaka zambiri Instagram inkalola mpaka 30, isanatsitse malirewo kufika pa asanu kumapeto kwa 2025. Ena amaika ochepa, kutsatira malangizo omwe a Instagram eni ake anapereka mu 2021, oti atatu mpaka asanu ndi okwanira.

Odzaza aja amati ukatchera misampha yambiri sulephera kupha mbewa. Vuto n'lakuti diresi limodzi lilibe mawu 30 olifotokoza. Munthu akafika pa hashitagi yachisanu ndi chimodzi, mawu ankamuthera, ndiye ankayamba kutola #love, #fashion ndi #instagood. Pa mahashitagi otere anthu a dziko lonse amaponyapo zithunzi usana ndi usiku, moti chanu chimakwiririka msanga. Ngakhale wina wa ku Brazil achikonde, sabwera kudzayezetsa. Komanso kasitomala akaona mulu wa mawu abuluu pansi pa chithunzi, amaona ngati mukupempha, osati mukugulitsa.

Njira ya ochepa imafuna kuganiza, ndipo ine ndili mbali imeneyi. Hashitagi iliyonse ikhale ndi ntchito yake. Yoyamba itchule chinthucho, #chitenje. Yachiwiri itchule mwambo, #chinkhoswe, chifukwa woifufuza nthawi zambiri amakhala kuti tsiku layandikira ndipo ndalama wakonza kale. Yachitatu ndi malo, #Lilongwe. Yachinayi ikhale dzina la shopu yanu, kuti munthu akaidina aone ntchito zanu zonse pamodzi. Yachisanu isakakamizidwe.

Musanaigwiritse ntchito, ilembeni kaye pofufuzira pa Instagram n'kuona zithunzi zomwe zikubwera. Ngati zikufanana ndi malonda anu, itengeni. Ngati pali nthabwala ndi zandale zokhazokha, kapena chithunzi chomaliza chinaikidwa zaka ziwiri zapitazo, isiyeni ngakhale mawuwo akumveka bwino.

Pali msampha wina womwe umatikola ife olemba Chichewa. Hashitagi imaduka ikakumana ndi mpata kapena kachizindikiro kam'mwamba kaja. Mukalemba #ng'ombe, chimene chimagwira ndi #ng basi, ndipo #m'mudzi imasanduka #m. Mudzazindikira poona kuti zilembo zoyamba zokha ndi zomwe zasintha mtundu. Chotsani kachizindikiroko, ndipo mawu akakhala awiri, yambani lililonse ndi chilembo chachikulu, monga #ChitenjeDress, kuti aziwerengeka mosavuta.

Kodi odzaza alibe pomwe amapambana? Mwina pa chiwerengero cha ongodutsa n'kudina kamtima. Koma telala amawerenga anthu ofunsa mtengo. Yesani mahashitagi ongotola ndi osankha bwino, njira iliyonse kwa milungu iwiri, pa zovala zofanana komanso nthawi yofanana ya tsiku, kenako mutsegule Insights, gawo la Instagram loonetsa ziwerengero, n'kuyerekeza kuti ndi angati anasunga chithunzi, ndi angati anakulemberani uthenga. Mukamakopera mawu omwewo ku X, chepetsaninso, chifukwa kumeneko awiri ndi okwana.